Masekondi makumi atatu ndi mamililita khumi: mmene amatengera magazi okafufuza tizilombo

Munthu akatentha thupi kwambiri, nayezedwa malungo koma osapezeka, dokotala amayamba kukayikira kuti mwina tizilombo ta bakiteriya talowa m'magazi. Kuti atsimikize, amalemba kuti wodwalayo amutenge magazi a kalicha. Magaziwo amawathira m'kabotolo momwe muli msuzi wokonzedwa mwapadera, n'kukaika m'makina otentha ngati thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 37. Ngati m'magazimo muli tizilombo, timadya msuziwo, kuswana, n'kumatulutsa mpweya wa kaboni dayokosaidi. Makina akaona kuti mpweyawo ukuchuluka amalira, ndipo akatswiri a mu labotale amatulutsa botololo kuti aone mtundu wa kachilomboko ndi mankhwala amene angakaphe. Botolo limene lakhala chete kwa masiku asanu amati mulibe kanthu.

Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri amangoti ku Gulupu, ntchito imeneyi yakhala ikuchitika mosalekeza kuyambira mu 1998, mothandizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome. Pofika mu 2016 anali atayeza magazi a kalicha maulendo opitirira 194,000, ndipo anapezamo tizilombo toyambitsa matenda maulendo opitirira 29,000. Mabotolo amenewa ndi amene anaonetsa kuti tayifodi, yemwe kale ankapezeka mwa anthu owerengeka pachaka, wayamba kufala mumzindawu kuyambira mu 2011, ndiponso kuti sakumvanso mankhwala akale.

Koma botololi lili ndi khalidwe limodzi lovuta: silisankha. Lili ngati nazale yothiridwa manyowa, imene imameretsa mbewu yofesedwa pamodzi ndi udzu umene wabwera ndi mphepo. Kachilombo kamodzi kochokera pakhungu la wodwala, pachala cha wotenga magazi kapena pachivundikiro cha botolo kakagweramo, kamaswana mofanana ndi kamene kakudwalitsa munthuyo. Ndipo kachilombo kenikeniko kakapanda kulowamo chifukwa magazi anachepa, botolo limakhala chete pomwe munthu akudwala. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa zinthu ziwirizi, kutsekereza tizilombo tapakhungu ndi kuika magazi okwanira.

Khungu la munthu aliyense, ngakhale wosamba kawiri patsiku, lili ndi eni ake. Wodziwika kwambiri ndi Sitafilokokasi epidemidisi ndi abale ake, ndiye palinso Maikurokokasi, Korinebakiteriyamu ndi Basilasi amene amabwera ndi fumbi. Pakhungupo savutitsa munthu. Akamera m'botolo ndi pamene amayamba kusokoneza, chifukwa uthenga woyamba umene labotale imatumiza ku wodi umangonena za maonekedwe: taona tizilombo tozungulira tokhala m'magulumagulu. Maonekedwe amenewa ndi omwewo a Sitafilokokasi oriyasi, kachilombo koopsa kamene kamatha kudya mavavu a mtima ndi mafupa. Kuti asiyanitse awiriwa, nthawi zambiri pamafunika tsiku lina. Dokotala sangakhale manja lende kwa tsiku lathunthu, choncho amayambitsa mankhwala amphamvu, mwina vankomaisini amene amatha kuvulaza impso, amaitanitsa mayeso ena, ndipo wodwala amene akanatuluka mawa amagonabe pabedi. Woyang'anira wodwala nayenso amapitiriza kugona pakhonde ndi kuphika kukhitchini ya chipatala chifukwa cha kachilombo kamene sikanalowepo n'komwe m'magazi a m'bale wake.

N'chifukwa chake zipatala zimawerengera vutoli. Muyeso umene wakhala ukutsatidwa kwa zaka zambiri ndi wakuti mwa makalicha 100 alionse, oipitsidwa ndi tizilombo tapakhungu asapitirire atatu. Mu 2022 bungwe la ku America loona za miyeso ya malabotale, CLSI, linanena kuti pamene zonse zikuchitidwa bwino, chipatala chiziyesetsa kutsikira pa mmodzi yekha.

Tiyerekeze kuti pa wodi pagonekedwa mayi wa zaka 35, wotentha thupi kwa sabata, malungo sanapezeke, ndipo sanayambe kulandira maantibayotiki. Mfundo yomalizayi ndi yofunika. Mankhwala akangolowa m'thupi, tizilombo ta m'magazi timachepa m'maola ochepa, ndiye magazi ayenera kutengedwa jakisoni woyamba asanabayidwe. Sipafunika kudikira kuti thupi lifike potentha kwambiri, monga ankaganizira kale. Komanso ngati mayiyo wafooka kwambiri ndipo mtsempha ukuvuta kupeza, sachedwetsa mankhwala chifukwa cha botolo.

Namwino amayamba ndi mabotolo asanakhudze wodwala. Amaona tsiku lothera ntchito, amaona ngati msuzi uli woyera bwino ndipo botolo silinang'aluke. Kenaka amatenga cholembera n'kuika chizindikiro pambali pa botolo, mamililita 10 pamwamba pa pamene msuzi walekezera. Akatero amachotsa kachivundikiro kapulasitiki kapamwamba. Anthu ambiri, ngakhale ena ogwira ntchito m'chipatala, amaganiza kuti mphira imene ili pansi pa kachivundikiroko ndi yoyera kale. Sichoncho ayi. Kachivundikiroko kamangotchinga fumbi. Mphirayo amaipukuta ndi sipiliti wa 70 peresenti n'kuisiya kuti iume yokha pamene iye akukonza mkono. Ayodini sapaka pamphirapo, chifukwa amatha kuiwononga.

Atasamba m'manja, amamanga lamba pamkono wa mayiyo n'kufufuza mtsempha ndi chala. Kufufuza konse kuthere pamenepa, khungu lisanatsukidwe. Malo abwino ndi pamene mkono umapindikira kapena kuseri kwa dzanja. Mtsempha wa m'mphechepeche amaupewa ngati pali pena, popeza khungu la kumeneko limakhala lachinyezi ndipo lili ndi tizilombo tambiri. Amapewanso kukoka magazi pa kanyula wa dilipi amene wakhala pamkono kuyambira dzana, chifukwa tizilombo timamanga mudzi m'kati mwa kapaipiko. Ngati mkono uli ndi litsiro looneka kapena mafuta odzola, amayamba wautsuka ndi sopo ndi madzi n'kuupukuta, popeza mankhwala ophera tizilombo sagwira bwino ntchito pamwamba pa litsiro.

Tsopano afika pa kutsuka kwenikweni. Mankhwala amene zipatala zambiri zimakonda ndi kulohekisidini wa 2 peresenti wosakaniza ndi sipiliti wa 70 peresenti. Namwino amakhula pamalopo uku ndi uku kwa masekondi 30, malo aakulu ngati chikhatho cha mwana, ndipo amakhula motsindika, osati kungosisita. Kukhulako kumachotsa khungu lakufa lapamwamba limene tizilombo timabisalamo. Akamaliza amadikira masekondi ena osachepera 30 kuti paume pokha. Sapemerera, sauzira ndi pakamwa, ndipo sapukuta ndi thonje louma.

Kudikira kumeneku ndi kumene kumaphonyedwa kawirikawiri. Masekondi 30 amaoneka ochepa, koma pa wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo, wina akubuula pakona, amatalika zedi. Vuto ndi lakuti mankhwalawa sapha tizilombo pongotikhudza. Amafuna nthawi, ndipo singano imene yaboola khungu lonyowa imanyamula tizilombo tamoyo n'kupita nato m'botolo. Kumene kulibe kulohekisidini amagwiritsa ntchito povidoni ayodini, ujeni wofiirira amapaka pabala uja, koma iyeyu ndi wochedwa kwambiri: amafuna mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri kuti agwire ntchito. Munthu amene wazolowera kupaka n'kubaya nthawi yomweyo ndiye kuti wangopenta khungu. Sipiliti wa 70 peresenti payekha amathandizanso ngati wapakidwa mokwanira, ena amapaka kawiri ndi thonje latsopano, n'kusiyidwa kuti aume.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka ngati chanzeru pofuna kufulumira: kuviika mipira ya thonje yambiri m'kambale ka sipiliti mmawa, n'kumatapamo tsiku lonse. Pofika masana sipiliti amakhala atauluka, mphamvu yake yatsika, ndipo zala zambiri zapisamo. Kuonjezera apo, njere za Basilasi sizifa ndi sipiliti. Thonje loyenera kuyeretsa khungu limasanduka lobweretsa tizilombo. Labotale ikayamba kuona Basilasi akubwerabwera kuchokera ku wodi imodzi, kambale kameneka ndi koyamba kukafunsa.

Khungu litauma, mtsempha uja nthawi zina umaoneka ngati wasowa, ndipo chala chimafuna kubwereranso kukaufufuza. Apa ndi pamene makalicha ambiri amaonongekera. Magolovesi wamba a m'bokosi amateteza namwino ku magazi a wodwala, koma sakhala opanda tizilombo. Chala chikakhudzanso pamalopo, ntchito yotsuka iyambirenso, pokhapokha ngati namwinoyo wavala magolovesi a m'pepala lomata ngati a ku fiyeta.

Ngakhale atachita zonsezi mosalakwitsa, tizilombo tina timatsalabe. Timakhala m'kati mwa timabowo ta ubweya ndi ta mafuta a khungu, kumene mankhwala safika. Singano ikamalowa imadula kachidutswa kakang'ono ka khungu, ndipo kachidutswako kamabwera ndi magazi oyambirira. Pachifukwa ichi zipatala zina zimapatutsa mililita imodzi kapena awiri oyamba, kuti asalowe m'botolo la kalicha. Pa kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha yunivesite ya Nebraska ku America, wofalitsidwa mu 2017, kachipangizo kopatutsira magazi oyambawa kanatsitsa makalicha oipitsidwa kuchoka pa 1.78 peresenti kufika pa 0.22 peresenti. Kachipangizoko ndi kodula, koma ganizo lake ndi lotheka ngakhale kumene kulibe, ndipo zipatala zina zimangolandirira magazi oyambawo m'kachubu kena kosatsegula.

Nkhani ya kuchuluka kwa magazi ndi imene imadabwitsa anthu ambiri. Poyeza malungo kadontho kamodzi ka pachala kamakwana, nanga bwanji apa akufuna sirinji yodzaza? Yankho lake ndi lakuti mwa munthu wamkulu amene bakiteriya alowa m'magazi, tizilomboto timakhala tochepa modabwitsa, kawirikawiri kosafika n'kamodzi komwe pa mililita iliyonse. Tayifodi ndi mmodzi mwa matenda otere. Tinene kuti mwa mayi uja muli kachilombo kamodzi pa mamililita asanu alionse. Namwino akatenga mamililita awiri okha, masamu amaonetsa kuti mwayi woti kachilombo kalowe m'botolo ndi 33 pa 100. Akatenga mamililita 10 mwayiwo umafika 86 pa 100, ndipo pa mamililita 20 umafika 98 pa 100. Wodwala ndi yemweyo, matenda ndi omwewo, labotale ndi yomweyo. Chasintha ndi kuchuluka kwa magazi basi.

Choncho botolo la munthu wamkulu limafuna mamililita 8 mpaka 10. Mabotolo amayenda awiriawiri: lina lili ndi okosijeni, la tizilombo tofuna mpweya, lina lilibe, la tizilombo timene mpweya umatipha, monga tambiri ta m'matumbo. Awiriwa pamodzi amatenga mamililita 20 kuchokera pobaya pamodzi. Malangizo amati munthu wamkulu abayidwe malo awiri osiyana, monga mkono wamanja ndi wamanzere, kuti onse pamodzi akhale mamililita 40. Kafukufuku wa ku America wa mu 2007 anapeza kuti kubaya koyamba kunkagwira matenda 73 mwa 100, kuwiri kunkagwira pafupifupi 90, ndipo kutatu kunkagwira 98. Mamililita 40 amamveka ambiri, ndipo achibale ena amadandaula kuti wodwala wawo amutha magazi. Koma munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita asanu, ndiye otengedwawo safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100, pomwe wopereka magazi mwaufulu amapereka mamililita 450 n'kudzuka kumapita kwawo.

M'zipatala zambiri za mayiko osauka mabotolo ndi osowa, ndipo wodwala amangopatsidwa limodzi, la okosijeni. Pamenepo m'pamene chizindikiro cha cholembera chija chimafunika kwambiri, chifukwa palibe botolo lachiwiri lodzawombola loyambalo likaperewera.

Kudzaza mopitirira nakonso kuli ndi vuto lake. Botolo limakhala lopopedwa mpweya, ndipo limatha kukoka magazi oposa mamililita 10 likasiyidwa lokha. Msuzi wake anauyeza kuti usungunule magazi mokwanira, kuti mphamvu ya chitetezo cha thupi ndi mankhwala amene ali m'magazimo zifooke n'kulola tizilombo kumera. Magazi akachuluka, kusungunulako kumachepa. Komanso maselo oyera a magazi nawo amapuma n'kutulutsa kaboni dayokosaidi, moti akachuluka makina amatha kulira popanda kachilombo kalikonse. Botolo loyambalo likameza zambiri, lachiwiri limatsala ndi njala.

Ndiye liyambe ndi liti? Zimatengera chida. Ngati namwino akugwiritsa ntchito singano ya mapiko yokhala ndi kapaipi kolumikiza ku botolo, amayamba ndi la okosijeni, chifukwa mpweya wa m'kapaipimo umalowa m'botolo loyamba, ndipo botololo liime chilili, pansi pa mkono, kuti msuzi usabwerere m'mtsempha ndiponso chizindikiro chioneke. Ngati akugwiritsa ntchito sirinji ndipo magazi ndi okwanira, ambiri amayamba ndi lopanda okosijeni, popeza mpweya wa m'sirinji umatuluka pomaliza. Koma magazi akatuluka ochepa, tinene mamililita 12 okha, la okosijeni lilandire 10 ake ndipo otsalawo apite m'linalo, chifukwa tizilombo tambiri toyambitsa matenda a m'magazi timamera m'botolo la okosijeni. Machubu a mayeso ena, monga kachubu ka chivundikiro chapepo koyezera kuchuluka kwa magazi, amabwera pambuyo. Sirinji imene yayamba yakhudza machubu amenewa isapitenso ku botolo la kalicha. Kale ankaphunzitsa kusintha singano asanabaye botolo, koma masiku ano ambiri anasiya, chifukwa phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ngozi yoti namwino adzibaye ndi singano ya magazi a wodwala.

Kwa ana nkhani imasintha pang'ono. Ali ndi mabotolo awoawo, a msuzi wofuna magazi ochepa, amene amalandira mililita imodzi mpaka atatu kapena anayi malinga ndi kampani yopanga. Muyeso umatsatira sikelo ya mwanayo. Mwana wa makilogalamu 10 ali ndi magazi pafupifupi mamililita 800, choncho mamililita anayi ndi theka chabe la gawo limodzi mwa magawo 100. Khanda longobadwa la makilogalamu atatu lili ndi pafupifupi mamililita 250, ndipo kwa ilo cholinga ndi kupeza mililita imodzi yathunthu. Ana ena amakhala ndi tizilombo tambiri m'magazi kuposa akuluakulu, koma si onse, ndipo timadontho tiwiri titatu tofinyira m'botolo timapereka yankho losadalirika. Khungu la makanda osakwana miyezi iwiri, makamaka obadwa masiku asanakwane, limatha kupsa ndi kulohekisidini, ndiye mawodi a makanda amakhala ndi malamulo awoawo a mankhwala oyenera kupaka, ndipo salola kuti mankhwalawo adikhe pansi pa mwana. Chovuta china ndi chakuti mwana amaphupha. Wogwira mwana akhale wachiwiri, ndipo adziwe kuti dzanja lake lisafike pamalo otsukidwa.

Magazi akalowa, namwino amatembenuza botolo pang'onopang'ono kangapo kuti asakanikirane ndi msuzi asagwirane. Amalemba dzina la wodwala, tsiku, nthawi ndi mkono umene wabaya, ali pabedi pomwepo, osaphimba timizere timene makina amawerenga. Kenaka botolo lipite ku labotale msanga, m'maola awiri kapena osapitirira anayi. Likachedwa likhale pamalo wamba m'chipinda. M'firiji ayi: kuzizira kumapha tizilombo tosalimba monga Nyumokokasi, amene amayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi.

Tibwerere kwa mayi uja. Tinene kuti anabayidwa mikono yonse iwiri, mabotolo anayi. Patapita maola 14 makina alira, mabotolo a mikono yonse iwiri ameretsa tizilombo tooneka ngati timitengo, ndipo mawa lake labotale yati ndi Salimonela wa tayifodi. Apa palibe chokayikitsa. Kachilombo kameneka sikakhala pakhungu, ndipo ngakhale kakanamera m'botolo limodzi lokha, dokotala akanakakhulupirira. Chimodzimodzinso Sitafilokokasi oriyasi, Nyumokokasi, Ikolayi, Kulebusiyela ndi Kandida: awa akapezeka m'magazi sawatenga ngati alendo osochera.

Koma tinene kuti zinayenda mwina. Mabotolo atatu ali chete, ndipo limodzi la mkono wamanzere lalira patapita maola 40, n'kumeretsa Sitafilokokasi epidemidisi. Dokotala amayang'ana zinthu zingapo pamodzi. Kachilomboka ndi kapakhungu. Kamera mbali imodzi yokha, pomwe kakanakhala kakuyenda m'magazi kakanayenera kupezeka mikono yonse. Kachedwanso kumera, zimene zimasonyeza kuti kanalowa kochepa kwambiri, popeza tizilombo tambiri toyambitsadi matenda timaonekera m'tsiku loyamba. Ndipo mayiyo alibe chinthu chilichonse chochita kuikidwa m'thupi. Zonsezi zikuloza ku khungu, ndipo dokotala akhoza kupitiriza kufufuza chimene chikumutenthetsa thupi osamupatsa mankhwala osafunika. Akanabayidwa mkono umodzi wokha, umboni wofananitsa mikonowo sukanakhalapo.

Kachilombo komweko kamatha kukhala mdani weniweni mwa anthu ena. Mwa khanda lobadwa masiku asanakwane, mwa wodwala amene ali ndi kapaipi kolowa m'mtsempha waukulu wa pakhosi, kapena amene anamuika vavu yochita kupanga mumtima, Sitafilokokasi epidemidisi amamatirira papulasitiki ndi pachitsulo n'kuyambitsa matenda enieni. Kwa odwala oterewa, ngati akukayikira kuti kapaipiko ndi kamene kabweretsa matenda, amatenga magazi pa kapaipiko ndi ena pamkono nthawi imodzi, kuchuluka kofanana, n'kulemba bwino botolo lililonse kumene lachokera. Botolo la pakapaipi likalira maola awiri kapena kuposerapo lisanalire la pamkono, ndipo onse ameretsa kachilombo kamodzi, madokotala amatenga kuti gwero ndi kapaipiko ndipo kawirikawiri amakachotsa.

Zipatala zimene zatsitsa vutoli zimachita chinthu china chosafuna makina odula. Labotale imapima botolo lililonse pa sikelo likafika. Popeza kulemera kwa botolo losathira magazi kumadziwika, ndipo mililita imodzi ya magazi imalemera pang'ono kuposa galamu imodzi, kusiyanako kumaulula kuchuluka kwa magazi amene anaikidwamo. Kumapeto kwa mwezi wodi iliyonse imalandira ziwerengero zake: mabotolo angati anaperewera, angati anasefukira, angati anameretsa tizilombo tapakhungu. Zipatala zina zimapita patsogolo n'kusankha anthu ochepa ophunzitsidwa bwino kuti ntchito yawo ikhale yotenga magazi basi, ndipo kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti makalicha otengedwa ndi magulu oterewa amaipitsidwa mocheperapo kusiyana ndi otengedwa ndi aliyense amene wapezeka pa wodi nthawi imeneyo.